Za pulasi khodi pa fomu yatsopano ya sosaiti yathu ya maliro: mayankho a ofesi

"Kodi nambala mukutifunsayi ndi chiyani? Ife timangodziwa nambala ya sitandi."

Imatchedwa pulasi khodi. Ndi adiresi yopangidwa ndi zilembo ndi manambala yomwe imaloza kamalo ka mamita pafupifupi 14 m'litali ndi m'lifupi, kaya pali msewu wa dzina kapena ayi. Anaikonza a kampani ya Google n'kuitulutsa mu 2014.

"N'chifukwa chiyani komiti yaganiza zimenezi pano?"

Mamembala athu ambiri kuno ku Harare sakhalanso ku Mbare, Highfield kapena Mufakose komwe misewu ili ndi mayina. Ali ku Hopley, ku Caledonia ndi m'madera ena a Epworth, komwe munthu amalondolera kuti "mukapitirira chitsime, mukhote pa shopu yobiriwira". Masana zimatheka. Koma uthenga wa maliro umakonda kubwera usiku, ndipo dalaivala wonyamula tenti ndi mipando amazungulira mumdima uku anamfedwa akudikira. Nambala ya sitandi siithandiza kwenikweni chifukwa m'malo ena manambala sayenda motsatana, ndipo sanalembedwe pageti.

"Ndiipeza bwanji?"

Tulukani panja, muime pageti kapena pakhomo lolowera. Tsegulani Google Maps, dikirani mpaka chozungulira cha pa kadontho kabuluu chichepe, kenako dinani kadonthoko. Khodi ioneka pamenepo, ili ndi chizindikiro cha `+` pakati. Musaitengere m'nyumba ya malata, chifukwa foni siimva bwino masetilaiti ili pansi pa denga ndipo ikhoza kukuikani kwa aneba a mzere wina. Mukaipeza, ilembeninso m'bokosi lofufuzira muone ngati ikugwera padenga lanu pa chithunzi cha m'mwamba.

"Ndinalipira dola kwa anyamata ena kuti andipangire khodi. Ndalamayo inabwera ku ofesi?"

Ayi, ndipo ofesi sinatume munthu aliyense kutolera ndalama pa nkhani imeneyi. Khodi ndi yaulere. Palibe amene amaipanga kapena kuigawa, popeza imachokera pa masamu a pamene malowo ali padziko, ndipo malo anu anali nayo kale musanamange. Tamva madandaulo amenewa kangapo pamzere wa Loweruka. Ngati mnyamata wayenda mtunda ndi foni yake n'kugwiritsa ntchito bandulo yake, kumuthokoza ndi nkhani ya inu awiri. Koma amene akunena kuti "akulembetsani" kapena kuti khodi imatha pakapita chaka akukunamizani. Ndalama zoperekedwa choncho ofesi singabweze, chifukwa sizinalowe m'buku lathu.

"Mlembi anandibweza akuti khodi yanga ndi yolakwika, pamene ndinakopera bwinobwino."

Tikuvomereza kuti pa nkhaniyi anthu ena abwezedwa popanda kuwafotokozera mokwanira. Choyamba chimene mlembi amayang'ana ndi zilembo. Khodi imagwiritsa ntchito zizindikiro 20 zokha:

```
23456789CFGHJMPQRVWX
```

Mukaona A, E, O, B, S kapena 1 m'khodi yanu, pali pomwe cholembera chalakwitsa. Kawirikawiri munthu amalemba B pamene pali 8, kapena S pamene pali 5.

Vuto lalikulu ndi lakuti khodi ikhoza kulakwika koma n'kuoneka yabwinobwino. Tengani iyi, yomwe ili pakati pa tauni ya Harare:

```
5GJH53C2+8V
```

Zilembo zimayenda ziwiriziwiri, choyamba cha kumpoto ndi kummwera, chachiwiri cha kummawa ndi kumadzulo. Zinayi zoyambirira, `5GJH`, zikuloza dera lalikulu la makilomita opitirira 100 mbali iliyonse. `53` akuchepetsa kufika pa makilomita asanu ndi theka, `C2` pa mamita pafupifupi 275, ndipo `8V` ndiye kamalo ka mamita 14 kaja. Ndiye mukalemba W m'malo mwa V kumapetoko, dalaivala aima mamita 13 okha kummawa, akuonani. Koma mukatembenuza `53` kukhala `35`, khodiyo imugwetsa makilomita pafupifupi 11 kummwera ndi ena 11 kummawa, cha ku mbali ya Epworth, ndipo foni siidandaula chifukwa nayonso ndi malo enieni. N'chifukwa chake mlembi amailowetsa m'foni inu muli pomwepo kuti muloze denga lanu. Kuchedwa kwa mzere kukuchokera pamenepa.

"Ya mchemwali wanga wa ku Mufakose ikuyamba mosiyana ndi yanga, chonsecho tonse tili mu Harare."

Palibe cholakwika. Mzere wa pamapu wa madigiri 31, wochokera kumpoto kupita kummwera, umadula mzindawu pakati, kotero kumadzulo monga Mufakose ndi Dzivarasekwa khodi imayamba ndi `5GJG`, pamene Mbare ndi Epworth ndi `5GJH`.

"Ndinatumizira achibale ku Blantyre, koma akuti ikuwaonetsa malo a kwawo komweko."

Munatumiza yaifupi popanda dzina la mzinda. Foni imakonda kuonetsa zilembo zomaliza zokha, monga `53C2+8V Harare`. Mukachotsa dzinalo, foni ya wolandirayo imadzaza yokha zilembo zinayi zosowazo potengera pamene iye ali. Pa nkhani yotumiza thupi kumudzi kapena kulandira obwera pabasi, lembani yonse ya zilembo khumi.

"Ngati sindipereka khodi, kapena ndasamuka osasintha, kodi sosaiti ikana kulipira maliro?"

Funso ili ndi limene latibweretsera mawu ambiri, ndipo tiyankha mosamala. Chimene chimapangitsa membala kulandira chithandizo ndi zopereka zake za mwezi ndi mwezi ndiponso mayina amene analembetsa m'buku. Komiti sinasinthe lamulo limenelo, ndipo singalisinthe payokha popanda msonkhano waukulu. Choncho kusowa kwa khodi, pakokha, si chifukwa chokanira ndalama.

Chimene sitingalonjeze ndi nthawi. Ngati m'buku muli khodi ya nyumba imene munachokamo, galimoto ipita kumeneko, ndipo mafuta a ulendo wachiwiri komiti ikhoza kukambirana ndi banja kuti alipira ndani. Tikudziwa kuti ambiri mwa inu ndi malojala amene amasamuka mwadzidzidzi lendi ikakwera, ndipo ena alibe foni ya mapu. Amenewa asaope. Khodi imatsatira malo, siitsatira munthu, ndiye mukasamuka uzani wapampando wa dera lanu adzaime pakhomo latsopano ndi foni yake. Pomwe pakhala nyumba zingapo pasitandi imodzi, pemphani khodi ya zilembo 11, yomwe imachepetsa malowo kufika pa mamita atatu kapena kupitirirako pang'ono, ngakhale kuti foni zambiri sizilondola mpaka pamenepo. Kulemba kuti "chitseko chachitatu kuseri" kumathandizabe.

"Kodi ndingapite nayo kubanki kapena kukhonsolo ngati umboni wa malo anga?"

Musadalire zimenezo. Khodi siinena mwini malo, ndipo ngakhale dambo kapena pakati pa msewu pali khodi yake. Siilowa m'malo mwa pepala la sitandi, lisiti ya madzi kapena kalata yolumbirira. Ofesi iliyonse ili ndi zimene imalandira, kafunseni komweko. Wina akamakugulitsani malo n'kumakuonetsani khodi ngati chikalata, musapereke ndalama.

"Nanga bukuli likagwera m'manja mwa ogwetsa nyumba?"

Mantha amenewa sitikuwapeputsa. Pakati pathu pali amene anafika ku Hopley nyumba zawo zitagwetsedwa pa Murambatsvina mu 2005. Buku limasungidwa ndi mlembi, ndipo dalaivala amapatsidwa khodi ya nyumba imodzi yokha pa tsiku la maliro. Sitipereka mndandanda kwa munthu wakunja, ngakhale kuti lamulo la khoti sitingalikane litabwera. Amene mtima wake sukulola kupereka khodi ya pakhomo pake apereke ya tchalitchi, mzikiti kapena shopu yapafupi, pamodzi ndi nambala ya foni ya munthu amene angakachingamire galimoto pamenepo.