Nkhawa ya pa Mayeso: Kuyeza Nthawi ya Funso Lililonse

Uthengawu ndi wa aphunzitsi a m'sukulu za mu Lilongwe amene amakonza okha mayeso a kumapeto kwa teremu. Mwana akaona kuti nthawi ikutha mafunso akadali ambiri, mtima umagunda kwambiri, m'manja mumatuluka thukuta, ndipo ena amamva mutu kapena m'mimba kupotokola, mpaka kuiwala zimene amazidziwa bwino. Kawirikawiri gwero la vutoli limakhala pepala lokonzedwa popanda kuyeza nthawi.

Tiyerekeze pepala la Fomu 2 la mphindi 90. Poyamba chotsani mphindi 10, zisanu zowerengera malangizo ndi zisanu zoonanso mayankho, kuti zitsale 80. Mafunso 20 osankha yankho angapatsidwe mphindi imodzi lililonse, mafunso 10 a mayankho aafupi mphindi zitatu lililonse, ndipo mphindi 30 zotsalazo zipite ku chimangirizo. Malikisi pawokha asakunamizeni, chifukwa funso la malikisi awiri lofuna kujambula gilafu ndi rula limadya nthawi kuposa la malikisi anayi longotchula mayina.

Mukatero, khalani pansi ndi wotchi n'kulemba pepala lonselo ndi cholembera, yankho lililonse mokwanira, osati kungoyankha mumtima. Nthawi imene mwatenga muichulukitse katatu, popeza inu mafunsowo mukuwadziwa kale, pomwe wophunzira wapakatikati ayenera kuwerenga Chingerezi, kuchimvetsa m'Chichewa, kuganiza, kulemba ndiponso kufufuta. Ngati mwatenga mphindi 35, mwanayo adzafuna 105, ndiye kuti pepalalo lapitirira mphindi 80 zija ndi mphindi 25 ndipo muyenera kuchotsapo mafunso mpaka inu muzimaliza m'mphindi pafupifupi 27. Kuchulukitsa katatuku ndi muyeso wongoyerekeza, ndipo m'kalasi imene ana ambiri amawerenga mododa ndi bwino kuchulukitsa kanayi. Musayesere pa mwana amene amakhala nambala wani, chifukwa iyeyo amamaliza msanga pepala lililonse.

Pochonga, mapepala eni ake amaulula. Funso la pakati likasiyidwa ndi ana ambiri amene ayankha otsatira ake, ndiye kuti ndi lovuta kapena silikumveka. Koma ngati osiyidwawo ndi omalizira, ndipo zilembo zimene zinayamba zooneka bwino pa tsamba loyamba zasanduka zokhotakhota pa lomaliza, nthawi ndiyo inachepa, ndipo malikisiwo akuyeza liwiro la dzanja m'malo mwa nzeru za mwana.

Ophunzira amene ali ndi vuto la maso kapena la dzanja apatsidwe nthawi yoonjezera imene mwagwirizana mayeso asanayambe. Mwana akayamba kupuma mobanika kapena kumva chizungulire, mutulutseni pamalo opita mphepo, amwe madzi, ndipo mphindi zimene wataya mumubwezere. Akakomoka, kapena zikamachitika mobwerezabwereza, dziwitsani makolo ake ndipo apite naye kuchipatala.