Nyemba zogona: mungazitenthetse kangati?

Amene amandifunsa funsoli amayembekeza kuti ndiwapatsa nambala, ndipo nambalayo ilipo: gawo lililonse la ndiwo litenthetsedwe kamodzi kokha. Koma chimene chimadwalitsa anthu si moto wachiwiri kapena wachitatuwo ayi. Vuto lili pa maola amene ndiwozo zimakhala zofunda, zisali zotentha komanso zisali zozizira, ndipo nthawi iliyonse mukatenthetsa poto yense mumazibwezera m'maola amenewo.

Mabakiteriya amaswana pakati pa madigiri 5 ndi madigiri 60. Ambiri amafa ndiwo zikawira, koma pali mtundu wina wotchedwa Kulositiridiyamu umene umadzitsekera m'kachikopa kolimba ngati njere, moti kuphika sikuupha. Njerezi zimabwera ndi dothi la pa nyemba kapena ndi nyama yaiwisi. Moto ukazima ndiwo n'kuyamba kuzizira, zimadzuka. Mkati mwa poto wa msuzi wokhuthala mulibe mpweya, kutentha kumachoka pang'onopang'ono, ndipo awa ndiwo malo amene mabakiteriyawa amawakonda.

Tiyerekeze kuti mwaphika poto wamkulu wa nyemba Lolemba madzulo. Mwadya, zotsala mwavundikira n'kuzisiya pambaula. Poto wodzaza chonchi amakhala wofunda pakati kwa maola ambiri, ngakhale kunja kwake mukakhudza kukuoneka kuti wazizira. Tinene kuti m'chipande chimodzi munali mabakiteriya 100, ndipo akuwirikiza kawiri pa mphindi 20 zilizonse. Pakatha maola awiri afika 6,400. Pakatha maola asanu apitirira 3 miliyoni. Lachiwiri masana mukungofunditsa pang'ono poti muli pachangu, m'mbali mukuchita thovu koma pakati sipanatenthe, ndiye ambiri akupulumuka. Potoyo akuziziranso, kuswana kukuyambira pomwe kunalekezera. Lachitatu mwadyakonso, ndipo usiku mwana akudzuka ndi m'mimba mopotokola, akutsekula. Matenda a Kulositiridiyamu amayamba pakatha maola 6 mpaka 24, ndipo kawirikawiri munthu sasanza, n'chifukwa chake ambiri amanamizira chakudya chimene adya pomaliza, osaganizira nyemba za dzulo.

Mwina mukuti mumawiritsa kwambiri nthawi zonse. Mumachita bwino, pakuti kuwiritsa kumapha mabakiteriya amene adzuka aja. Koma sikukonza zonse. Bakiteriya wina wotchedwa Sitafilokokasi, amene amakhala pakhungu ndi m'mphuno mwathu, amalowa mu poto kudzera m'zala kapena supuni imene wina walawira. Akaswana amasiya poizoni amene moto suwononga. Mutha kubwatitsa ndiwozo mpaka kukangamira pansi, poizoniyo akadali momwemo, ndipo amasanzitsa pakangotha maola ochepa.

Musadalirenso mphuno. Nyemba zosasa, zonanda kapena zochita thovu zili zozizira, zimenezo n'zotaya, palibe zokambirana. Koma mabakiteriya amene ndatchulawa sasintha fungo kapena kukoma. Ndiwo zonunkhira bwino zitha kugoneka banja lonse.

Chochita chimayambira pa tsiku lophikalo. Pasanathe maola awiri mutaphula, gawani zotsala m'mabakuli osaya, kuya kwa ndiwo kusapitirire masentimita 5, kuti zizizire msanga. Ngati zikadali zotentha kwambiri, khazikani bakuli m'beseni la madzi ozizira n'kumatakasa, kenako vundikirani muike mufiriji. Mmenemo zikhala masiku atatu kapena anayi. Pofuna kudya, pakulani ndi chipande choyera zokwanira nthawi imeneyo, muike m'kapoto kena, muthire madzi pang'ono, mutakase mpaka zibwate ponseponse. Amene ali ndi choyezera kutentha aone kuti pakati pafika madigiri 75. Mwa njira iyi mudya nyemba zomwezo masiku atatu, koma palibe chipande chimene chaona moto wachiwiri kawiri.

Zikatsala pa zotenthetsazo, ine ndimati tayani. Ngati zinabwatadi n'kubwerera mufiriji msanga, kutenthetsanso kachiwiri sikoopsa kwenikweni, koma kachitatu ayi. Pofika pamenepo maola ofunda achuluka, ndipo supuni zalowamo zambiri.

Kwa amene alibe firiji ndinene mosabisa: palibe njira yosungira ndiwo zamsuzi masiku atatu popanda chiopsezo. Phikani zoti zithe tsiku lomwelo. Zikatsala, ziwiritseni musanagone, vundikirani zikadali pamoto, munthu asatsegule kapena kulawa, muike pamalo ozizirirapo. M'mawa kwambiri zibwatitseni kwa mphindi zingapo mukutakasa, mudye zithe zikadali zotentha. Izi zimachepetsa ngozi koma siziichotsa, choncho ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba ndi odwala aphikireni zatsopano. Ndipo wina akayamba kutsekula, mpatseni thanzi ORS, ndipo mukaona magazi, kutentha thupi kapena kufooka, thamangirani naye kuchipatala.