Kampani ndi imodzi, koma tsamba lililonse layiika m'gulu lake: chimachitika n'chiyani?

Anthu ambiri kuno ku Mangochi ayamba kutsatira masheya pa foni, ena a pa msika wathu wa ku Blantyre, ena a misika ya kunja. Pali funso limodzi lomwe limabwerabwera. Munthu atsegula tsamba lina n'kupeza kuti kampani ya Visa, ya makadi olipirira, yalembedwa m'gulu la zachuma. Atsegula lina, Visa yomweyo ili m'gulu la mafakitale. Akapeza lipoti la chaka cha 2022, ili m'gulu la makampani a makompyuta. Ndiye amafunsa kuti wolakwa ndani. Nthawi zambiri palibe walakwa. Gulu lomwe mumaliona pambali pa dzina la kampani silichokera ku kampaniyo kapena ku boma, koma limatuluka pa malamulo a bungwe lomwe likugulitsa uthengawo, ndipo mabungwewo ali ndi malamulo osiyana.

Ndondomeko zomwe mudzakumana nazo kwambiri ndi ziwiri. Yoyamba ndi GICS, yomwe anaikhazikitsa a MSCI ndi a Standard & Poor's mu 1999. Ili ndi magulu akuluakulu 11, ndipo akagawidwagawidwa amafika pa timagulu 163. Yachiwiri ndi ICB, yomwe amayendetsa a FTSE Russell. Nayonso ili ndi magulu akuluakulu 11, koma timagulu take ta pansi tilipo 173. Palinso ya Morningstar, ya Bloomberg ndi zina. Zonsezi zimagwirizana pa mfundo imodzi yokha: kampani iliyonse ilowe m'kagulu kamodzi basi, ngakhale ichite malonda asanu. Chifukwa choyamba cha kusiyanaku chili pamenepa: kampani ya malonda angapo imafuna wina asankhe kuti ntchito yake yeniyeni ndi iti.

Tiyeni tione momwe kusankhako kumayendera, pogwiritsa ntchito kampani yongoyerekeza ya m'mbali mwa nyanja yathuyi. Tinene kuti pa chaka yalowetsa ndalama zokwana K100 biliyoni. Mwa izo, K52 biliyoni zachokera ku nsomba, K28 biliyoni ku hotelo, ndipo K20 biliyoni ku ngongole zomwe imabwereketsa anthu. Tsono phindu ndi nkhani ina. Nsomba zimadya ndalama zambiri pa mafuta a maboti, ayezi ndi mayendedwe, choncho zasiya phindu la K3 biliyoni lokha. Hotelo yasiya K6 biliyoni, ngongole zasiya K11 biliyoni. Phindu lonse ndi K20 biliyoni.

A ICB amayang'ana makamaka komwe kwachokera gawo lalikulu la ndalama zolowa. Nsomba zadutsa theka, ndiye kwa iwo iyi ingakhale kampani ya zakudya, m'kagulu ka ulimi ndi usodzi. A GICS ali ndi mlingo wokwererapo. Amafuna kuti ntchito imodzi ibweretse ndalama zopitirira 60 pa 100 iliyonse kuti nkhani ithere pompo. Nsomba zafika pa 52, sizinakwane. Zikatero amafunsa ngati pali ntchito imodzi yomwe yadutsa theka pa ndalama zolowa komanso pa phindu. Palibe: nsomba zatsogola pa zolowa, koma pa phindu zatsogola ndi ngongole, zomwe zabweretsa 55 pa 100 iliyonse. Apa masamu atha, ndipo akatswiri awo amakhala pansi n'kuunika, kuphatikizapo momwe ogula masheya amaionera kampaniyo. Akhoza kuiika ku zakudya, akhoza kuiika ku zachuma. Ikanakhala kuti palibe ntchito yodutsa theka pa chilichonse mwa ziwirizi, akanaiika m'kagulu ka makampani osakaniza malonda, komwe kamatchedwa Industrial Conglomerates, kapena ka Multi-Sector Holdings.

Onani kuti lipoti la chuma ndi limodzi, manambala ndi omwewo, koma mayankho akhoza kutuluka awiri kapena atatu, ndipo lililonse latsatira lamulo lake.

Izi si zongopeka pa pepala ayi. Amazon mu 2023 inalowetsa ndalama pafupifupi madola 575 biliyoni, ndipo nthambi yake yobwereketsa makompyuta akuluakulu, AWS, inabweretsa pafupifupi 16 pa 100 iliyonse. Koma pa phindu la ntchito, magawo awiri mwa atatu anachokera ku AWS yomweyo. GICS imaiwerengabe ngati kampani yogulitsa katundu kwa anthu, chifukwa zolowa zambiri zili kumeneko. Amene amagula sheya ya Amazon poganiza kuti wagula sitolo yokha ndiye kuti sanaone komwe kukuchokera phindu.

Kwathu kuno chitsanzo chabwino ndi Press Corporation. Munthu wa ku Mangochi akamva dzinali amaganiza za Maldeco ndi chambo, chifukwa ndi zomwe wakhala akuziona kwa zaka zambiri. Koma kampani yomweyi ili ndi masheya oposa theka mu National Bank of Malawi, ili mu TNM, ndiponso imapanga mafuta a ethanolo. Apa pamalowa mfundo ya kawerengedwe ka chuma yomwe ambiri saidziwa. Kampani ikamalamulira inzake, zomwe kawirikawiri zimatanthauza kukhala ndi masheya opitirira theka, ndalama zolowa zonse za kampani yaing'onoyo zimawerengedwa m'buku la yaikulu. Ikakhala ndi gawo lalikulu koma yosalamulira, mwachitsanzo 30 pa 100 iliyonse, zolowazo siziwerengedwa n'komwe. M'buku mumangolowa gawo lake la phindu. Choncho bungwe loyang'ana zolowa zokha silingaone malonda ena omwe akubweretsa phindu lenileni, pamene loyang'ananso phindu liwaona. Ndi makampani otere omwe mayina a magulu awo amasemphana kwambiri pa masamba osiyanasiyana.

Chifukwa chachiwiri sichikhudzana ndi masamu. Nthawi zina mabungwe onse amagwirizana kuti ntchito ya kampani ndi iti, koma kagulu ka ntchitoyo anakaika pansi pa magulu akuluakulu osiyana. Nkhani ya Visa ija ndi yotere. Aliyense akudziwa kuti Visa imadutsitsa malipiro a pa khadi n'kumadula kangachepe pa malipiro aliwonse. Funso ndi lakuti ntchito yotereyi ndi ya mtundu wanji. Kwa zaka zambiri GICS inkaiona ngati ntchito ya makompyuta, chifukwa Visa siibwereketsa ndalama zake ngati banki. Mu Malichi 2023 anasintha maganizo, n'kusamutsa Visa, Mastercard ndi PayPal kupita ku Financials, gulu la zachuma. A ICB amaiona ngati ntchito yothandizira mabizinesi ena, ndiye anaiika pansi pa Industrials, gulu la mafakitale. Makampani a ndege nawonso ndi chimodzimodzi: ku GICS ali ndi makampani a zamtengatenga pansi pa Industrials, pamene ku ICB ali limodzi ndi mahotela ndi zokopa alendo. Kwa ine maganizo a ICB pa ndege ali ndi nzeru, chifukwa alendo akachepa, ndege ndi mahotela ngati Sunbird Nkopola amamva kupweteka nthawi imodzi. Koma wa GICS angayankhe kuti mtengo wa mafuta umagunda ndege mofanana ndi malole ndi sitima, ndipo nayenso sakunama.

Chachitatu ndi nthawi. Mu Seputembala 2018 GICS inakulitsa gulu la makampani a mafoni n'kulitcha Communication Services, ndipo Alphabet, eni ake a Google, pamodzi ndi Facebook anachoka ku gulu la makompyuta n'kulowa kumeneko. ICB inawasiya ku Technology. Tsamba lomwe linakopera mndandanda kale n'kusaukonzanso lidzakuonetsani gulu lakale mpaka lero. Komanso mabungwewa sathamangira kusintha gulu la kampani. Kampani yathu yoyerekeza ija ikapeza chaka cha nsomba zambiri n'kufika pa 63, sikuti mawa lake gulu lisintha. Amaunika lipoti la pachaka likatuluka, ndipo amayesetsa kuti asatengeke ndi kukwera kwa chaka chimodzi.

Kodi zimenezi zimakuonongerani chiyani? Choyamba ndi kuyerekeza mitengo. Masamba ambiri amaonetsa nambala ya P/E, yomwe ndi mtengo wa sheya ukagawidwa ndi phindu la pa sheya imodzi, ndipo pambali pake amaika ya gulu lonse. Tinene kuti kampani yathu ija ili pa 9. Ngati makampani a zakudya ali pa 14, tsamba loiika ku zakudya lidzaionetsa ngati yotsika mtengo. Ngati obwereketsa ndalama ali pa 6, tsamba loiika ku zachuma lidzaionetsa ngati yodula. Munthu akhoza kugula kapena kusiya chifukwa cha gulu lomwe sanafunse n'komwe kuti analisankha ndani. Chachiwiri chimakhudza omwe amaika ndalama m'matumba a masheya otsatira gulu limodzi. Thumba la makampani a makompyuta lotsatira GICS mulibe Alphabet, pamene lotsatira ICB ilimo, ngakhale mayina a matumbawo amveke ofanana.

Kuti mudziwe ndondomeko yomwe tsamba likugwiritsa ntchito, yambani kuyang'ana pansi pa tsambalo, pomwe amalemba ndi tizilembo ting'onoting'ono komwe atenga uthenga. Ngati sanalembe, mayina a magulu amaulula. Mukaona Information Technology, imeneyo ndi GICS. Mukaona gulu la Technology komanso gulu lina la Telecommunications, ndi ICB. Mukaona Consumer Defensive, ndi Morningstar. Samalaninso ndi mizere yolembedwa Sector ndi Industry: ku GICS Sector ndiye gulu la pamwamba ndipo Industry ili pa sitepe yachitatu, koma ku ICB zinatembenuzika. Manambala nawonso amasokoneza. Ndondomeko zonse ziwiri zimapatsa kagulu kalikonse nambala ya madijiti 8, koma yoyamba ndi 45 ku GICS ndi kampani ya makompyuta, pamene ku ICB ndi ya zakudya ndi zofunika pakhomo. Mukamaphatikiza mindandanda iwiri, musasakanize manambalawa.

Pa kampani ya malonda angapo, makamaka za pa msika wathu, musadalire dzina la gulu. Tsegulani lipoti la pachaka, pitani ku mafotokozedwe otsatira matebulo a chuma, ndipo mufunefune tebulo logawa malonda nthambi ndi nthambi, lomwe kawirikawiri mutu wake umakhala Operating segments. Tengani zolowa za nthambi iliyonse mugawe ndi zolowa zonse, kenako muchite chimodzimodzi ndi phindu. Pa zolowa gwiritsani ntchito mzere wa ndalama zochokera kwa makasitomala a kunja kwa kampaniyo, chifukwa zomwe nthambi zagulitsana zokhazokha zimakweza nambala popanda ndalama yatsopano. Chitani izi pa zaka zitatu zotsatizana. Ngati nthambi imodzi yatsogola pa zolowa ndi pa phindu zaka zonsezo, yerekezani kampaniyo ndi anzake a ntchito imeneyo. Ngati zolowa zaloza kwina, phindu kwina, yerekezani nthambi iliyonse payokha ndi makampani ochita ntchito yofanana nayo, ndipo mupereke kulemera kwambiri ku nthambi yomwe ikubweretsa phindu.