Chifukwa chiyani timati sukulu koma sitolo?

Munthu akaima pamsika wa ku Ulongwe kapena pachipata cha ku Zobwe amamva mawu ochokera ku Chingerezi pakamwa pa anthu amene kusukulu anaphunzira Chipwitikizi chokha: basi, buledi, sopo, tayala, batire. Mawuwa anafika kuno ku Tete ndi amalonda a ku Dedza ndi ku Mwanza, ndi wailesi za ku Malawi, ndi makolo athu amene ankagwira ntchito ku Rodeshiya ndi ku Joni, komanso ndi abale amene anabwerera kuchokera kumisasa ya othawa nkhondo mtendere utabwera mu 1992. Ena amaganiza kuti mawuwa ndi Chingerezi chongopotoka mwachisawawa. Ine monga mphunzitsi wa chinenero ndimakana zimenezo, chifukwa kapotokedwe kake kali ndi malamulo, ndipo amene wawadziwa sakayikakayika polemba.

Gwero la zonse ndi kapangidwe ka phatikizo, kachigawo ka mawu kamene timatchula kamodzi. M'Chichewa phatikizo limathera ndi lembo la liwu, a, e, i, o kapena u: nyu-mba, mu-nda, chi-ma-nga. Chingerezi chimalola malembo opanda liwu kugundana awiri kapena atatu, ndiponso chimalola mawu kuthera pa lembo lopanda liwu. Lilime lathu likakumana ndi zimenezi silikonda kutaya lembo. Limalowetsa lembo la liwu pakati pa ogundanawo, lina n'kuika kumapeto. N'chifukwa chake mawu obwereka amatalika. Sukulu m'Chingerezi ndi phatikizo limodzi, kwathu ndi atatu.

Funso lenileni ndi lakuti lembo lolowetsedwalo likhale liti. Nthawi zambiri limasankhidwa ndi malo amene pakamwa pali panthawiyo. Lembo lopanda liwu likakhala la pamilomo, monga p, b, f ndi m, chotsatira chimakhala u, pakuti milomo imakhala itasonkhana kale: buledi, buleki, pulani, fulati, ndipo kumapeto kapu, timu, sitampu. Likakhala la kunsonga kwa lilime kapena kumano, monga s, t, d, n ndi tch, chotsatira chimakhala i: sitolo, sitima, basi, foni, bedi, wotchi. Yesani kutchula "bi-ledi" kapena "basu", mumva nokha kuti khutu likukana.

Nanga bwanji timati sukulu ndi supuni, chikhalirecho s amafuna i? Apa pali mphamvu yachiwiri, imene nthawi zina imagonjetsa yoyamba ija. Lembo la liwu limene lili kale m'mawuwo limakoka lolowetsedwalo kuti lifanane nalo. Mu sukulu, u wapakati wakoka mbali zonse ziwiri. Zachitikanso chimodzimodzi mu buku, mu galasi mmene a wabwerera m'mbuyo, ndi mu sopo, foloko ndi botolo mmene o watenga malo onse. Kukokaku kumachitika kwambiri pafupi ndi k, g ndi l, malembo amene alibe liwu lawolawo loti aumirire. Sopo ndi chitsanzo choti kukokako kungapose ngakhale p wa pamilomo, pamene mu kapu milomo ndiyo yapambana. Palibe lamulo limene lingakuuzeni pasadakhale kuti pa mawu aliwonse ipambana mphamvu iti. Pamenepo timamvera mmene anthu akhala akunenera.

Tiyeni titenge mawu amodzi amene aliyense wokwera shapa amawadziwa, thiransipoti, tiwayende lembo ndi lembo. M'Chingerezi ali ndi maphatikizo awiri, ndipo amayamba ndi t wogundana ndi r. Mngerezi amatchula t woyamba mawu ndi kampweya, ndipo khutu la Mchewa, lozolowera kusiyanitsa t wa mu kutenga ndi th wa mu kuthawa, limakamva kampweyako, ndiye m'mawu ena timalemba th, monga mu thanki ndi thawulo. Pakati pa th ndi r palowa i, pakuti t ndi wa kunsonga kwa lilime: thi-ra. Kenako pali n, s ndi p zotsatizana. N ndi s sizifuna kulekanitsidwa, chifukwa ns tili naye kale mu nsima ndi nsomba. Koma s ndi p sizingagundane, ndiye palowa i: nsi-po. Kumapeto kwatsala t wopanda liwu, nayenso alandira i. Zotsatira zake ndi thi-ra-nsi-po-ti, maphatikizo asanu, ndipo i aliyense mwa atatuwo ali ndi chifukwa chokhalira pamenepo.

Mwina mwaona kuti ndalemba r mu thiransipoti koma l mu buleki, ngakhale m'Chingerezi monsemo muli r. M'Chichewa l ndi r sizisiyanitsa tanthauzo, ndipo malamulo a kalembedwe amene anakhazikitsidwa ku Malawi amati r alembedwe pambuyo pa i kapena e, kwina konse l. Choncho lembo limene talowetsa lija ndilo limagamula. Mu diresi ndi firiji mwalowa i, ndiye r. Mu buledi ndi buleki mwalowa u, ndiye l. Mwezi wa Malichi umalembedwa ndi l chifukwa cha a amene ali patsogolo pake. Wolemba sayenera kuyang'ana mmene Mngerezi analembera, ayang'ane lembo la liwu limene lili kumanzere.

Kuno kwathu vuto lina limachokera ku dzanja lozolowera Chipwitikizi. Pazikwangwani za m'misika ndi m'mauthenga a pafoni mumapezeka c kapena qu pamalo pa k, x pamalo pa sh, ndi o kumapeto kwa mawu amene wolembayo akutchula u, chifukwa m'Chipwitikizi o wakumapeto amamveka ngati u. Buku ndi kapu zikalembedwa ndi o, mnzathu wa ku Dedza amawerenga o weniweni, mawu n'kusokonekera. Izi zimandikhudza kwambiri ndikaona makope a ana a m'makalasi ophunzira m'zinenero ziwiri, chifukwa mwana amene akuphunzira kuti lembo lililonse la Chinyanja lili ndi liwu limodzi amasokonezeka akaona akuluakulu akulemba mwina. Komatu mawu a Chipwitikizi amene analowa kalekale anatsata njira yomweyi ya maphatikizo. Kalata anachokera ku mawu a Chipwitikizi akuti carta, mmene r ndi t zimagundana, ndipo a analowa pakati mokokedwa ngati mu galasi.

Achinyamata odziwa Chingerezi amameza malembo ena polankhula mothamanga, moti basi amamveka ngati wathera pa s, sitolo ngati alibe i. Polankhula palibe cholakwika, koma polemba Chichewa lembolo liyenera kuoneka. Mukakayika za lakumapeto, lumikizani kamawu kolozera: basiyo, foniyo, bukulo, kapuyo, sopoyo. Lembo limene latuluka lisanafike -yo kapena -lo ndilo loyenera kulemba. Mukakayika za lapakati, tchulani mawuwo pang'onopang'ono mukuomba m'manja paphatikizo lililonse, pu-la-si-ti-ki, ndipo kuomba kulikonse kukhale ndi lembo lake la liwu papepala. Mukapeza kuti m'dera lanu anthu amati jekete pamene kwina amati jaketi, onse awiri atsata lamulo la phatikizo, ndiye sankhani amodzi n'kuwagwiritsa ntchito kuyambira pamwamba pa tsamba mpaka pansi.