Kuwerenga Chithunzi cha Panoramiki: Phunziro pa Dzino 48 ndi Dzino 47

Uthenga uwu ndi wa ophunzira zaudokotala wa mano amene akuphunzira ntchito kuno ku Mangochi. Wodwala akafika ndi chithunzi cha ekisirei cha panoramiki, chomwe pa makina chimalembedwa OPG, mano onse ndi nsagwada zonse ziwiri zimaoneka pa pepala limodzi, ndipo wophunzira amafulumira kuyang'ana pamene wodwala waloza kuti pakupweteka. Chizolowezi chimenechi n'chimene chimaphonyetsa matenda, chifukwa chithunzichi chimaonetsa malo ambiri koma mosaoneka bwino kwenikweni, ndipo zina zimene chimaonetsa ndi mithunzi chabe.

Musanafufuze nthenda, onani kaye ngati chithunzicho n'chodalirika. Tsimikizani dzina la wodwala ndi tsiku lojambulira, ndiponso pezani chilembo R kapena L, pokumbukira kuti kumanja kwa wodwala kumakhala kumanzere kwanu. Makinawa amaonetsa bwino zokhazo zimene zili m'kanjira kopindika motsatira nsagwada, choncho wodwala akaima patsogolo kwambiri mano akutsogolo amaoneka opyapyala, ndipo akaima kumbuyo amaoneka otambalala. Akaweramitsa mutu mopitirira, mzere wa mano umapindika ngati munthu akumwetulira kwambiri. Akaiwala kukanikiza lilime kumwamba kwa kamwa, mpweya umapanga mthunzi wakuda pamizu ya mano akumwamba. Ndolo yosavulidwa imaoneka kawiri, pamalo ake enieni komanso kumbali inayo, chakumtunda pang'ono, ili yaikulu ndi yachimbuuzi. Mukakhutira, werengani mano motsatana kuyambira 18 mpaka 28 kumwamba, kenako 38 mpaka 48 kumunsi, osadumpha ngakhale limodzi.

Tiyerekeze kuti kwabwera bambo wa zaka 30, msodzi wa ku Makanjira, amene akudandaula kuti akamwa tiyi kapena madzi ozizira amamva kunyung'unya kumapeto kwa nsagwada yakumunsi, kumanja, ndipo nyama imakanirira pamenepo akamadya. Pa chithunzi, dzino lotsiriza, la 48, silinatuluke lonse. Lagona chopendekera kutsogolo, mutu wake utatsamira khosi la dzino 47.

Pofotokoza dzino lotsekeredwa lotere pali mafunso atatu. Loyamba ndi la kapendekeredwe, malinga ndi kagawidwe ka Winter ka mu 1926: dzino likhoza kuima chilili, kupendekera kutsogolo, kupendekera kumbuyo, kapena kugona chopingasa. Lachiwiri ndi la kuya ndi mpata, malinga ndi Pell ndi Gregory, 1933. Mutu wa 48 ukafika pa msinkhu wa pamwamba pa 47, amenewo ndi malo A. Ukakhala pakati pa pamwambapo ndi khosi la 47 ndi B. Ukakhala pansi pa khosi ndi C. Magulu I, II ndi III amanena ngati dzinolo lili ndi mpata wokwanira patsogolo pa fupa lokwera la nsagwada, kapena lalowamo theka, kapena lalowamo pafupifupi lonse. Dzino la bambo wathu ndi lopendekera kutsogolo, gulu II, malo B. Dziwaninso kuti lopendekera kumbuyo, ngakhale limaoneka losavuta pa chithunzi, kawirikawiri ndi limene limatulutsa thukuta pozula, chifukwa njira yake yotulukira imaloza m'fupa lokwera lija.

Funso lachitatu, lomwe ndi lalikulu koposa, ndi la ngalande ya mtsempha umene umachititsa kuti mlomo wakumunsi ndi chibwano zizimva kukhudzidwa. Ngalandeyi imaoneka ngati kamsewu kakuda kokhala ndi mizere iwiri yoyera m'mbali. Rood ndi Shehab, mu 1990, anafotokoza zizindikiro zisanu ndi ziwiri, ndipo zitatu mwa izo n'zimene zimachenjeza kwambiri: muzu kuda pamene ukudutsana ndi ngalande, mzere woyera kuduka, ndi ngalande kukhota pafupi ndi muzu. Tsatirani mzere woyera wapamwamba ndi nsonga ya cholembera kuchokera kumbuyo mpaka kudutsa mizu ya 48. Pa bambo wathu mzerewo sunaduke, ndipo mizu yathera pamwamba pake. Ukanaduka, chithunzichi sichikanatiuza ngati ngalande ili cha kutsaya, cha kulilime, kapena pakati pa mizu, popeza chilibe kuya. Wodwala wotero ayenera kuuzidwa za chiopsezo cha dzanzi pamlomo ndi kutumizidwa kwa katswiri wa maopaleshoni a m'kamwa, amene angafune chithunzi cha CBCT, chomwe chimaonetsa kuya. Onaninso kathumba kakuda kozungulira mutu wa dzino: mpata wa pakati pa mutuwo ndi m'mphepete mwa kathumbako ukaposa mamilimita atatu, ganizirani za chotupa chamadzi.

Tsopano yang'anani kumbuyo kwa 47, pamene mutu wa 48 wagunda. Pali kamdima konga kachigamba kolumidwa, koyambira pakhosi la dzino n'kulowa mu dentini, ndipo mzere wakunja wa dzino waduka pamenepo. Kumeneku n'kuwola. Musakusokoneze ndi mthunzi wa pakhosi, umene umaoneka ngakhale pa dzino labwinobwino chifukwa malo apakati pa enamelo ndi fupa ndi opyapyala ndipo cheza chimadutsapo mosavuta. Mthunzi umenewu umakhala pa mano angapo mofanana, ulibe malire omveka, ndipo mzere wakunja wa muzu umakhala wathunthu. Kuwola sikuoneka pa ekisirei mpaka dzino litataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mchere wake pamalopo, choncho bowo lenileni limakhala lalikulu kuposa looneka. Pa mano 4 ndi 5 a mbali iliyonse panoramiki imasanjikiza mano, ndipo sibwino kulemba kuti palibe kuwola pakati pake popanda kayekisirei kakang'ono koluma kotchedwa baitiwing'i. Kwa bambo wathu, dzino limene likunyung'unya ndi 47, ndipo wongozula 48 osayesa ngati mtsempha wa 47 ukadali wamoyo adzaona wodwalayo akubwereranso kuchokera ku Makanjira ndi ululu womwewo.

Fupa la munthu wathanzi limathera mamilimita 1.5 mpaka 2 pansi pa malire a enamelo ndi muzu. Popeza panoramiki imakulitsa zinthu, ndiponso mosafanana malo onse, mamilimita oyezedwa pa chithunzi si odalirika paokha, ndipo chabwino n'kuyerekeza ndi kutalika kwa muzu womwewo. Pa 47, kuchokera pamalire aja kufika kunsonga ya muzu wakumbuyo pali mamilimita 14, ndipo fupa layambira pa mamilimita 6. Kugawa 6 ndi 14 kukupereka pafupifupi 43 pa 100 iliyonse. Mu kagawidwe ka matenda a nkhama ka 2017, kutha kwa fupa kosakwana 15 pa 100 ndi siteji I, kuyambira 15 mpaka 33 ndi siteji II, ndipo kofika gawo lapakati la muzu kapena kupitirira ndi siteji III kapena IV.

Apa m'pamene ophunzira ambiri amapunthwa, polemba siteji III. Kagawidwe komweko kamanena kuti kuwonongeka kwa kumbuyo kwa dzino 7, monga 47, kobwera chifukwa cha dzino 8, monga 48, lokhala molakwika sikuwerengedwa ngati nthenda ya nkhama. Yang'anani mano ena onse: kwa bambo wathu fupa lili pamalo ake paliponse, ndipo latsika chotsetsereka pa muzu umodzi wokhawo. Likanatsika mofanana m'kamwa monse, nkhani ikanakhala ina, ndipo mukanafunsa za fodya ndi matenda a shuga. Chithunzi sichionetsa fupa la kutsaya ndi la kulilime, ndiponso sichinena ngati nthenda ikupitirira lero kapena inaleka, choncho tengani kachitsulo koyezera, muyeze kuya kwa nkhama malo asanu ndi limodzi pa dzino lililonse, ndipo mulembe pamene patuluka magazi.