Ngongole ya miyezi 12 kapena 36: yotsika mtengo ndi iti?

Mukapita kukakongola ndalama kubanki muno mu Joni, amayamba kukuonetsani yomwe muzidulidwa pamwezi. Poti lendi ku Yeoville kapena ku Mayfair ikudikira, kumudzinso akuyembekeza kangachepe, maso amathamangira pa nambala yaing'onoyo. Koma mtengo weniweni wa ngongole suonekera pamenepo.

Tiyerekeze kuti mukufuna R20,000 yogulira malata a nyumba yomwe mukumanga ku Mangochi, chiwongoladzanja chili 24 peresenti pachaka, kutanthauza 2 peresenti pamwezi. Mukasankha miyezi 12, muzibweza pafupifupi R1,891 pamwezi. Mukasankha miyezi 36, muzibweza R785 yokha.

Tsopano tengani foni muchulukitse. R1,891 kuchulukitsa ndi 12 ikukwana R22,692. Mukachotsapo R20,000 munakongola ija, chiwongoladzanja ndi R2,692. R785 kuchulukitsa ndi 36 ikukwana R28,260, chiwongoladzanja R8,260. Malata ndi omwewo, peresenti ndi yomweyo, koma mwalipira chiwongoladzanja choposa katatu.

Chimachititsa nchakuti chiwongoladzanja amawerengera pa ngongole yomwe yatsala. Mwezi woyamba, konsekonse chimakhala R400. Pa R1,891 ija, yotsala R1,491 imakachepetsa ngongole yeniyeniyo. Pa R785, imatsala R385 basi. Nchifukwa chake wa miyezi 36, chaka chikamatha amakhala atapereka R9,420 koma ali ndi ngongolebe ya pafupifupi R14,840, pamene mnzake wamaliza.

Palinso ndalama yoyendetsera ngongole imene obwereketsa ambiri amadula mwezi ndi mwezi, yofika R69. Pa miyezi 12 ndi R828, pa miyezi 36 ndi R2,484. Inshulansi ya ngongole nayonso imayenda mpaka mutamaliza.

Kodi ndiye aliyense atenge yaifupi? Ayi. Ngati mumalandira R7,000, mukachotsa lendi, thiransipoti, chakudya ndi zotumiza kumudzi, R1,891 ikhoza kukufinyani. Banki ikadzafuna kudula nkupeza mu akaunti mulibe, pamabwera chindapusa, mbiri yanu ya ngongole imaipa, ndipo ambiri amathera kwa akatapila, amene kuno amati mashonisa. Zikafika apo, zonse munapulumutsa zija zimapita. Ine ndimalangiza kutenga nthawi yaifupi kwambiri imene mungaikwanitse ngakhale mwezi umene maganyu asowa. Pa chitsanzo chathuchi miyezi 24 ingakhale pakatikati: R1,057 pamwezi, chiwongoladzanja pafupifupi R5,370.

Lamulo la National Credit Act la 2005 limati musanasaine akupatseni pepala loonetsa ndalama zonse zimene mudzabweze, ndipo mtengowo umakhala wosasintha kwa masiku asanu ogwira ntchito. Pemphani la miyezi 12, la 24 ndi la 36, mukawayerekeze kunyumba modekha. Lamulo lomwelo limalola kubweza msanga popanda chindapusa pa ngongole yaing'ono ngati iyi. Choncho ngati mwatenga yaitali, bonasi ya Disembala ikabwera ponyaniko ina, ndipo muwafunse ngongole yotsala kuti muone ngati yatsikadi.