Nyali ya sola ya maola 24 yomwe imazima usiku usanafike pakati

Dandaulo lomwe ife okonza zipangizo za sola timalimva kawirikawiri ndi ili: "Pa katoni analemba kuti imayaka maola 24, koma ikamakwana 10 koloko usiku yayamba kale kuzilala." Mwiniwake amabwera atatsimikiza kuti batire lafa. Tikaiyesa, nthawi zambiri timapeza kuti nyaliyo ili bwinobwino, ikungochita zomwe mphamvu zake zikuilola. Manambala a pa katoni aja sanali abodza kwenikweni, koma iliyonse inayezedwa payokha, pa nthawi yoikomera, ndipo palibe anauza wogula mmene manambalawo amalumikizirana.

Tiyeni titenge nyali imodzi n'kuiwerengera mpaka kumapeto. Ili ndi panelo yakeyake ya waya wautali, yolembedwa 3 W. Batire lake ndi la lifiyamu, lolembedwa 3.7 V ndi 2200 mAh. Ili ndi batani losinthira kuwala komanso pobayira foni.

Ganizirani za thanki ya madzi. Panelo ndi mpopi wothira madzi m'thankimo, batire ndi thankiyo, ndipo babu ndi potulukira madziwo. Mawati, omwe amalembedwa W, amanena za kukula kwa mpopi kapena kwa potulukira, kutanthauza liwiro lomwe mphamvu ikulowera kapena kutulukira pa nthawi imeneyo. Sanena za kuchuluka kwa zomwe zasungidwa. Muyeso wa zosungidwa ndi Wh, ndipo Wh imodzi ndi mphamvu yomwe chinthu cha wati imodzi chimadya chikayaka ola lathunthu. Mukadziwa ma Wh olowa masana ndi ma Wh otuluka usiku, nyali iliyonse mwaidziwa.

Vuto n'lakuti opanga nyali zing'onozing'ono sakonda kulemba Wh. Amalemba mAh, mwina chifukwa 2200 imasangalatsa maso kuposa 8. Kusintha kwake n'kosavuta:

```
Wh = V × mAh ÷ 1000
3.7 × 2200 ÷ 1000 = 8.14
```

Ndiye kuti batire lathuli limasunga ma Wh 8 basi. Apa mukuona chifukwa chake mAh payokha siyokwanira poyerekeza nyali ziwiri. Batire la 2200 mAh la mavoliti 3.2 limasunga ma Wh 7, pomwe la 2200 mAh yomweyo koma la mavoliti 7.4 limasunga ma Wh 16. Nambala ya mAh ndi imodzimodzi, zosungidwa zikusiyana kuposa kawiri.

Pa ma Wh 8 aja si onse amafika ku babu. Kadera ka magetsi ka m'nyalimo kamazimitsa batire lisanatheretu pofuna kuliteteza, ndipo pang'ono pamatayika ngati kutentha. Tinene kuti otsala ndi 7. Mukaika kuwala kwakukulu, babu la LED la nyali ngati iyi limadya pafupifupi mawati 1.5, n'kupereka malumeni cha m'ma 150. Malumeni ndiye muyeso wa kuwala kwenikweniko, ndipo kandulo imodzi imapereka cha m'ma 12. Gawani 7 ndi 1.5, mupeza maola anayi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono. Mukayatsa 6 koloko madzulo, isanakwane 11 koloko muli mu mdima. Koma mukatsitsa kuwala mpaka pansi penipeni, pomwe babu likudya mawati 0.3 n'kupereka malumeni 30, ma Wh 7 omwe aja amatha maola 23. Maola 24 a pa katoni achokera pamenepa. Kuwala kumeneko n'kokwanira kuona poyenda m'chipinda, koma powerenga muyenera kuiyandikizitsa nyaliyo pa buku.

Nambala ina yosokoneza ndi ya babu. Mupeza nyali yokwana m'dzanja yolembedwa 30 W kapena 100 W. Batire la ma Wh 8 litati lidyetse babu la mawati 30 enieni, lingathe pa mphindi 16. Nambala zoterozo nthawi zina zimafanizira kuwala kwa mababu akale a kawaya kotentha, nthawi zina zimangolembedwa kuti malonda ayende. Ine ndikaona nyali yotchula mawati ambirimbiri a babu koma yosatchula malumeni, ndimayamba kukayikira zonse zolembedwa pa katoniyo.

Tsopano mbali ya kutchaja, komwe anthu ambiri amapusitsika. Mawati 3 a panelo anayezedwa ku fakitale pa kuwala kwa mawati 1000 pa sikweya mita iliyonse, panelo ili pa kutentha kwa madigiri 25. Kuwala kotero kumafanana ndi dzuwa la masana kumwamba kopanda mtambo, likuwomba panelo molunjika. Koma panelo yomwe ili pa dzuwa lotero sikhala pa madigiri 25. Imatentha mpaka 50 kapena 60, ndipo digiri iliyonse yoonjezera imachotsako pafupifupi 0.4 peresenti ya mphamvu. Onjezanipo fumbi, waya woonda, ndi zotayika polowa m'batire. Powerengera, ine ndimatenga magawo 7 pa 10 alionse a nambala yolembedwayo, choncho panelo ya mawati 3 ndimaiona ngati ya mawati 2.1.

Batire lopanda kanthu likufuna ma Wh 8. Gawani 8 ndi 2.1, mupeza pafupifupi maola anayi. Katoni ikanena kuti nyali imadzaza pa maola anayi, ikunena maola a dzuwa la phwee, osati maola a pa wotchi. Dzuwa la 7 koloko mmawa limawomba panelo chammbali ndipo limapereka zochepa kwambiri, chimodzimodzi la 4 koloko madzulo. Mukasonkhanitsa kuwala konse kwa tsiku lowala bwino, kuyambira kutuluka mpaka kulowa kwa dzuwa, m'madera otentha kumafanana ndi maola asanu kapena asanu ndi limodzi a dzuwa lamphamvu lija. Tikatenga asanu, panelo yathu imakolola ma Wh 10 ndi theka pa tsiku. Batire la ma Wh 8 lidzaza, koma pokhapokha panelo itakhala panja kuyambira mmawa mpaka dzuwa litapendeka. Woitulutsa 2 koloko masana wataya kale gawo lalikulu la tsikulo.

Tsiku la mitambo yokuta kumwamba konse, panelo imapereka gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu zake, mwinanso limodzi mwa khumi. Zokolola zimatsika kufika pakati pa Wh imodzi ndi ma Wh atatu, omwe ndi maola osakwana awiri pa kuwala kwakukulu. Masiku otere, kutsitsa kuwala msanga ndiko kungakufikitseni nthawi yogona.

Nanga ikanakhala kuti batire ndi lomweli koma panelo ndi ya wati imodzi? Imakolola ma Wh atatu ndi theka pa tsiku lowala. Batire likufuna masiku opitirira awiri kuti lidzaze, ndipo poti mumaliyatsa usiku uliwonse, silidzadzaza n'komwe. Nyali yotere imayaka maola awiri pa kuwala kwakukulu tsiku lililonse ngakhale batire lake litakula chotani, chifukwa usiku simungatulutse zoposa zomwe zinalowa masana. Pa nyali zotchipa, panelo yochepa ndiye vuto lomwe ndimalipeza kwambiri, kuposa batire lochepa.

Mwayi wake panelo siibisa kukula kwake. Mapanelo wamba amasandutsa magetsi pakati pa 15 ndi 20 peresenti ya kuwala kogwera pa iwo, choncho kachigawo ka masentimita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi kamapereka mawati 1.5 mpaka 2. Yezani mbali yakuda yokhayo, osawerengera felemu. Panelo ya mawati 3 iyenera kukhala cha m'ma sentimita 13 kwa 15. Kapanelo ka masentimita 5 kwa 8 komatidwa pamwamba pa nyali sikangapose wati imodzi, ngakhale atalembapo 5 W. Ngati kumbuyo kuli kapepala, pezani manambala a Vmp ndi Imp muwachulukitse. Mwachitsanzo 6 V kuchulukitsa ndi 0.5 A ndi mawati 3, ndipo yankholo liyenera kufanana ndi nambala yolembedwa pa Pmax. Ku mabatire nakonso kuli malire odziwika. Batire lobulungira la mtundu wa 18650, lomwe lili m'nyali zambiri, silipitirira cha m'ma 3500 mAh. Lolembedwa 9900 mAh ndi bodza lamkunkhuniza, ndipo kawirikawiri mukalinyamula limapepuka modabwitsa.

Za foni ndinene mwachidule. Batire la foni la 4000 mAh limasunga ma Wh 15, pafupifupi kawiri batire la nyali yathu. Mukabaya foni madzulo, idzamwa batire lonse la nyali osafika n'komwe theka, ndipo nyali idzagona yozima. Tchajani foni masana panelo ili pa dzuwa, podziwa kuti zomwe foni yatenga zachotsedwa pa kuwala kwa usiku.

Choncho munthu atandifunsa za nyali imeneyi, ndingamuuze motere: ikakhala pa dzuwa tsiku lonse lowala imadzaza, ikadzaza imaunikira chipinda chimodzi kwa maola anayi ndi theka, kapena kuwala kochepa usiku wonse ndi kupitirira, ndipo foni imangoipatsa yoyimbira, osati kuidzaza. Wogulitsa yemwe akuidziwa nyali yake ayenera kutha kuifotokoza chonchi.

Ngati muli nayo kale nyali yomwe ikuzima msanga, pali njira yosiyanitsira batire lotopa ndi kutchaja kopelewera. Pukutani panelo ndi kansalu konyowa, muiike pomwe sipafika mthunzi uliwonse, chifukwa timagawo ta panelo timalumikizana motsatizana ndipo tsamba limodzi lophimba kagawo kamodzi limatsitsa mphamvu ya panelo yonse. Isakhale kuseri kwa galasi la windo. Iyang'ane kumpoto ngati muli kummwera kwa ikweta, kummwera ngati muli kumpoto kwake. Nyali yeniyeniyo ikhale pa mthunzi, waya wautali uja anauikira zimenezo, pakuti kutentha kumakalambitsa batire la lifiyamu msanga. Itchajeni masiku awiri owala osaiyatsa usiku wapakati, kenako muiyatse pa kuwala kwakukulu mukuyang'ana wotchi. Ikafika maola anayi kapena kuyandikira, batire lili bwino, vuto linali pa zolowa masana. Ikazima ola limodzi lisanathe, makamaka ngati kagetsi kosonyeza kudzaza kanayaka mofulumira mmawa womwewo, batire latopa. Mabatire a mavoliti 3.7 amayamba kufooka akadzazidwa ndi kutha maulendo 300 mpaka 500, pomwe a mavoliti 3.2 olembedwa LiFePO4 amafika maulendo 2000. Posintha, gulani la mavoliti ofanana ndi lakalelo, chifukwa kadera kotchajira batire la 3.7 V kamakweza mpaka mavoliti 4.2, omwe ndi ochuluka kwa batire la 3.2 V.